Lipoti la kafukufuku wa zithunzi 12 za kampeni ya nsapato zothamangira

Kwa: Mayi wotsogolera gulu la zojambula
Kuchokera: Woyang'anira za makontirakiti ndi malaisensi
Tsiku: 9 Disembala 2025

Mayi,

Ndamaliza kuunika zithunzi 12 zimene munanditumizira Lachisanu, zopangidwa ndi mapulogalamu a AI, zomwe kasitomala wathu akufuna kuika pa zikwangwani ndi pa intaneti mu Januwale. Mwachidule: zithunzi 7 zilibe vuto pa maonekedwe, 3 zikonzedwe kaye, 2 zichotsedweretu. Koma palinso nkhani ya laisensi ndi ya kontirakiti yomwe ikukhudza zonse, ndipo ndikupempha kuti fayilo iliyonse isachoke mu ofesi muno mpaka titaithetsa.

Ndiyambe ndi zomwe ndakhala ndikumva anzathu akunena, zoti "pulogalamuyo timalipira, ndiye zithunzizo ndi zathu". Tikalipira, amene watilola ndi mwini pulogalamu yekha. Iye sangatipatse chilolezo m'malo mwa kampani yomwe chizindikiro chake chatulukira pa nsapato, kapena m'malo mwa munthu yemwe nkhope yake yafanana ndi ya m'chithunzi. Mapangano a mapulogalamu ambiri amanena poyera kuti wina akadandaula, mlandu ndi wa wogwiritsa ntchito.

Za laisensi

Zithunzi 1 mpaka 8 zinapangidwa ndi Midjourney. Nditafunsa risiti, ndinapeza kuti mnzathu wojambula anagwiritsa ntchito akaunti yakeyake ya Basic, chifukwa ya kampani inali isanalipiridwe sabata imeneyo ndipo ntchito inali yachangu. Sindikumuloza chala, anafuna kuti ntchito iyende. Vuto ndi lakuti malamulo a Midjourney amati kampani yopeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pachaka, pamodzi ndi ogwira ntchito ake, iyenera kukhala pa Pro kapena Mega kuti zithunzi zikhale zake. Kampani yathu inadutsa malire amenewo chaka chatha. Ndawerenga ndime imeneyo kangapo ndipo sindikuona mmene tingadzitchinjirizire ponena kuti akauntiyo inali ya munthu payekha, poti zithunzizo anapangira ntchito ya kampani.

Palinso china chondidetsa nkhawa. Pa Basic zithunzi zimaonekera kwa anthu ena ogwiritsa ntchito pulogalamuyo, pamodzi ndi mawu amene analembedwa pozipanga. Njira yobisira, ya Stealth Mode, imapezeka pa Pro ndi Mega pokha. Kasitomala tinamulonjeza chinsinsi mpaka tsiku lotsegulira kampeni. Choncho ndikupempha kuti zithunzi zomwe zapambana pa gulu limeneli zipangidwenso pa akaunti ya kampani ya Pro, Stealth Mode itayatsidwa, ndipo kasitomala timuuze zomwe zinachitika asanazimvere kwina.

Zithunzi 9 mpaka 12 zinapangidwa ndi Adobe Firefly pa akaunti ya kampani, ndipo malamulo ake amalola kuzigwiritsa ntchito pa malonda. Adobe imanena kuti inaphunzitsa pulogalamuyi ndi zithunzi za Adobe Stock ndi zina zomwe umwini wake unatha, zomwe zimachepetsa chiopsezo. Koma lonjezo lake loteteza makasitomala pa milandu limakhudza mapangano ena a makampani, ndipo m'pangano lathu mulibe. Tisauze kasitomala kuti ndife otetezedwa.

Za kufanana ndi zizindikiro za ena

Apa ndi pomwe ndathera nthawi yambiri. Chithunzi chilichonse ndinachikuza kanayi, n'kuyang'ana nsapato, masokosi, malaya, zikwama ndi makoma a kumbuyo. Kenako ndinadula kachidutswa kalikonse kooneka ngati logo n'kukafufuza ndi Google Lens ndi TinEye, komanso mu Global Brand Database ya WIPO, yomwe imalola kufufuza ndi chithunzi. Ndinayang'ana makamaka gulu 25 la dongosolo la Nice, lomwe ndi la zovala ndi nsapato, ndi gulu 18 la zikwama.

Chithunzi 3 chichotsedwe. M'mbali mwa nsapato muli mizere inayi yopendekera, yofanana kukula, yotalikirana mofanana. Ndikudziwa kuti wina anena kuti ya Adidas ndi itatu, yathu ndi inayi. Mawu omwewo ananenedwapo m'khoti. Mu 2008 khoti la ku Oregon, ku Amereka, linagamula kuti Payless ilipire Adidas madola pafupifupi 305 miliyoni chifukwa cha nsapato za mizere iwiri ndi inayi, ngakhale kuti woweruza anadzatsitsa ndalamazo kwambiri. N'zoona kuti mu Januwale 2023 Adidas inaluza mlandu wa mizere inayi ya Thom Browne ku New York, koma Thom Browne inayamba yalimbana ndi maloya kwa nthawi yaitali. Kasitomala wathu sangakwanitse nkhondo yotere, ndipo malonda ake ndi nsapato zothamangira zomwezo, msika umodzi ndi mwini mizere. Funso lomwe khoti limafunsa ndi lakuti kodi wogula wamba, poona chikwangwani ali m'galimoto, angaganize kuti nsapatoyo ndi ya uje kapena kuti pali ubale ndi uje. Ndinaonetsa chithunzichi kwa anzathu atatu a ku akaunti osawauza kanthu, ndipo awiri anatchula dzina lomwelo nthawi yomweyo.

Chithunzi 6 nachonso chichotsedwe, ndipo ichi chandiwawa kwambiri chifukwa ndi chokongola kuposa zonse. Pa chidendene pali kamzere kokhota kosongoka kumapeto, komwe aliyense angakaone ngati chizindikiro cha Nike. Kamzereko tikanatha kukafufuta. Chomwe sitingafufute ndi mawu omwe analembedwa popanga chithunzicho, omwe ndawapeza mu mbiri ya akaunti:

```
runner at dawn, close-up of shoe, Nike style ad
```

Nkhani ikafika kukhoti, mawu amenewa adzafunsidwa, ndipo adzaonetsa kuti kufananako sikunali kwangozi. Ndikupempha kuti kuyambira lero pasakhalenso wolemba dzina la kampani, la wojambula wamoyo kapena la munthu wotchuka polamula pulogalamu. Tizifotokoza kuwala, mtundu, nsalu ndi kaimidwe, basi.

Zitatu zokonza ndi izi. Pa chithunzi 2, pansi chakumanja, pali timadontho totuwa tooneka ngati zotsalira za chidindo cha kampani yogulitsa zithunzi. Zoterezi si zachilendo: Getty Images inasumira Stability AI mu 2023 itaona chidindo chake chikutuluka m'zithunzi, ndipo pa chigamulo cha khoti lalikulu la ku London mu Novembala 2025, Getty inaluza mbali zazikulu za mlanduwo koma inapambana pang'ono pa nkhani ya chidindoyo. Kupaka utoto pamwamba sikundikwanira, chifukwa chidindo chimandiuza kuti chithunzicho chingakhale pafupi ndi cha munthu wina. Chipangidwenso ndi mawu atsopano.

Pa chithunzi 9, nsapato ya wothamanga wamkazi ili ndi kunsi kofiira kowala. Kunsi kofiira kwa Christian Louboutin n'kotetezedwa pa nsapato zazitali kumbuyo, ndipo khoti la Mgwirizano wa Mayiko a ku Ulaya linagamula mokomera chizindikiro chimenecho mu Juni 2018. Yathu ndi yothamangira, kotero chiopsezo n'chochepa, koma nsapato yeniyeni ya kasitomala ili ndi kunsi kotuwa. Tisinthe, zithe.

Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa chithunzi 11. Nsapato ya m'chithunzi ili ndi timabowo tolowetsa mpweya kutsogolo ndi chidendene chokhuthala, zomwe nsapato yeniyeni ilibe. Apa sitinabere munthu aliyense chizindikiro, koma tikuonetsa wogula chinthu chomwe sadzachipeza m'bokosi, ndipo malamulo oteteza ogula m'mayiko ambiri amaletsa kutsatsa konamiza. Tijambule nsapato yeniyeniyo ndi kamera n'kuiika m'malo mwake. Ndikanakonda tikanatero pa zithunzi zonse 10 zotsalazi.

Nkhope zonse ndazifufuza ndipo sindinapeze yofanana ndi ya katswiri wodziwika. Ndapempha mnzathu wokonda zamasewera kuti aziyang'anenso mawa, poti maso ake amadziwa othamanga ambiri kuposa anga.

Za kontirakiti ya kasitomala

Ndime 7 ya kontirakiti imati tidzapereka kwa kasitomala umwini wonse wa zithunzi, ndiponso kuti palibe wina adzazigwiritse ntchito. Ndimeyi tinailemba nthawi yomwe zithunzi zonse zinkajambulidwa ndi anthu, ndipo lero sitingaikwaniritse m'mayiko onse omwe kampeni ikupita. Ku Amereka, ofesi yoona za umwini wa zolemba ndi zojambula inagamula mu Febuluwale 2023 kuti zithunzi za Midjourney za m'buku lina la nthano sizingatetezedwe, ngakhale kuti mawu a mlembi ndi kasanjidwe kake zinatetezedwa. Mu Januwale 2025 ofesi yomweyo inanenanso kuti kulemba mawu olamulira pulogalamu pakokha sikupangitsa munthu kukhala mwini, ndipo mu Malichi khoti la apilo ku Washington, pa mlandu wa Stephen Thaler, linatsimikiza kuti wopanga ayenera kukhala munthu. Kwina zinthu n'zosiyana. Khoti la za intaneti ku Beijing mu Novembala 2023 linapatsa umwini munthu amene anapanga chithunzi ndi Stable Diffusion, ndipo lamulo la ku Mangalande la 1988 limateteza ntchito zopangidwa ndi kompyuta kwa zaka 50.

Tanthauzo lake kwa kasitomala ndi lakuti wopikisana naye atakopera chithunzi 5 n'kuikapo nsapato yake, m'mayiko ena sipangakhale pogwira. Zimenezi ayenera kuzimva kuchokera kwa ife asanalipire zikwangwani. Ndalemba ndime yatsopano yonena kuti tikupereka ufulu wonse womwe tili nawo, kuti mbali zina zinapangidwa ndi AI, ndi kuti sitikulonjeza chitetezo pa mbali zimenezo. Loya wathu aiona Lachinayi, ndipo ndamupempha aunikenso malamulo a dziko lililonse la pa mndandanda wa kasitomala.

Pakadali pano, ntchito ya manja athu ndiyo ingatetezedwe: nsapato yojambulidwa ndi kamera, zilembo, kasanjidwe ndi zokonza zomwe ojambula athu achita. Chonde auzeni asunge mafayilo a PSD osaphatikiza zigawo, mawu onse omwe analemba, masiku, marisiti, ndi kope la malamulo a pulogalamu iliyonse monga analili tsiku lopanga chithunzi, chifukwa malamulowa amasinthasintha popanda kutichenjeza mokwanira. Pa zithunzi za Firefly asachotse Content Credentials potumiza.

Zokonzedwa zikandipeza Lachitatu masana, ndidzaziunikanso tsiku lomwelo ndi kusaina fomu yovomereza Lachisanu m'mawa, loya akavomereza ndime 7.

Ine wanu,
Woyang'anira za makontirakiti ndi malaisensi