Dongosolo la chimangirizo: Kodi mfumu ikalowa chipembedzo chatsopano, anthu ake ankalowa nayo?

Phunziro: Mbiri ya zipembedzo, chaka chachiwiri. Utali wofunika: mawu 2,000. Ndakonzera kuno kumudzi ku Nsanje pa tchuthi, ndidzapereka sabata yoyamba tikatsegulira.

Yankho langa

Ayi, osati kawirikawiri. Ubatizo wa mfumu unkangotsegula njira. Anthu ankalowa mwaunyinji pokhapokha mfumuyo ikhale ndi chokakamizira kapena chonyengerera, olowa ufumu pambuyo pake apitirize, ndiponso chipembedzo chatsopanocho chilowe m'miyambo imene anthu amakhala nayo kale: chinamwali, ukwati, maliro, mvula. Yankho limeneli likhale m'ndime yoyamba, aphunzitsi asachite kulifunafuna.

Ndime 1: Mawu awiri a m'funso

"Kutembenuka" ndi chiyani? Kuthiridwa madzi pamutu, kapena kusiya kachisi wa makolo? Nanga "kawirikawiri" tiyeza ndi zaka zingati? Ngati anthu atsatira patapita zaka 100, sitinganene kuti ubatizo wa mfumu ndiwo wachita. Ndime ikhale yaifupi.

Ndime 2: Mbali imene ikunditsutsa

Ndisaibise, ili ndi mphamvu. Vladimir wa ku Kyiv mu 988 analamula anthu a mumzinda wake kukabatizidwa mumtsinje wa Dnieper. Ku Madagascar, mfumukazi Ranavalona II itabatizidwa mu 1869 inatentha zithumwa zachifumu, ndipo matchalitchi anadzaza chaka chomwecho. Clovis wa Afulanki akuti anabatizidwa pamodzi ndi ankhondo ake 3,000, koma amene analemba zimenezi anali bishopu, Gregory wa ku Tours, ndipo analemba patapita zaka zambiri. Mlembi wa mpingo amakonda nkhani ya tsiku limodzi la chigonjetso. Ndifunse: amene analowa m'madzi ndi dziko lonse, kapena a kubwalo la mfumu okha?

Chitsanzo cholimba kwambiri ndi chathu chomwe, cha Ayao. Makanjila analowa Chisilamu cha m'ma 1870, mafumu ena monga Mataka ndi Mponda nawonso, ndipo lero Ayao ambiri ndi Asilamu. Apa ndivomere kuti mafumu anatsogoleradi. Koma taonani njira yake: malonda a kunyanja ya mchere, alembi odziwa kulemba m'zilembo za Chiarabu amene mafumuwo ankawafuna, kenako jando. Mnyamata akapita kusimba ankatulukako ali mwamuna komanso Msilamu. Mfumu inali ndi ulamuliro pa chinamwali, ndiye chipembedzo chinayenda ndi chinamwalicho. Chitsanzo chooneka ngati chonditsutsa chikundithandiza.

Ndime 3: Mfumu yabatizidwa, dziko lili phee

Apa ndi pamtima pa chimangirizo, pafunika mawu osachepera 600.

Ndiyambe ndi Mwene Mutapa chifukwa ndi wapafupi. Wansembe wa Chijezwiti Gonçalo da Silveira anakwera Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, nabatiza mfumu Negomo Mupunzagutu ndi amayi ake kumayambiriro kwa 1561. Mwezi wa Malichi chaka chomwecho mfumuyo inalamula kuti wansembeyo apotoledwe khosi, mtembo unatayidwa mumtsinje wa Musengezi. Ubatizo wa masabata owerengeka.

Kenako Sechele, mfumu ya Abakwena a ku Botswana wa lero, amene Livingstone anamubatiza mu 1848. Sechele anali wogwetsa mvula wa anthu ake, ndipo polowa Chikhristu anasiya ntchitoyo chilala chili m'kati, nabweza akazi ake a mitala kwawo, kusiya mmodzi. Akaziwo anali ana a nduna zake. Tsiku limodzi anataya mvula ndi apongozi omwe. Livingstone analemba yekha kuti Sechele, poona kuti anthu sakubwera, anapempha kuti aitane nduna ndi zikoti awakwapule onse mpaka akhulupirire. Mmishoniyo anakana. Wakwathu kuno kuchigwa safunika kumufotokozera vuto la Abakwena: chaka choti mapira afota, mfumu n'kunena kuti za nsembe ya mvula ayi, ndani angaitsatire?

Ku England, mfumu Aethelberht wa ku Kent analandira mmishoni Augustine mu 597, koma atamwalira mu 616 mwana wake Eadbald anayamba ndi kukana Chikhristucho. Raedwald wa ku East Anglia ndiye amandisangalatsa: m'kachisi mmodzi anaika maguwa awiri, lina la Khristu, lina la milungu ya makolo. Ndinawawerengera agogo aakazi zimenezi tili pansi pa mtengo wa nimu, iwo n'kuseka nati, "Ameneyo anali ndi nzeru, mwanawe." Iwowa Lamulungu salephera kutchalitchi, koma pakamveka zosonkha ufa wa nsembe ya mvula kambale kawo sikasowa. Izi sizilowa m'chimangirizo, koma zandithandiza kumvetsa Raedwald kuposa mabuku.

Mwachidule ndiwonjezere Augustus wa ku Saxony, amene analowa Chikatolika mu 1697 kuti apeze ufumu wa Poland, anthu ake n'kukhalabe a Lutheran. Ndiponso India: mafumu Achisilamu analamula ku Delhi zaka mazanamazana, ochuluka n'kukhalabe Ahindu.

Ndime 4: Pamene zinatheka, chinagwira ntchito n'chiyani?

Nthawi, lamulo ndi lupanga. Constantine, mfumu ya Aroma, anayamba kukondera Akhristu mu 312, koma anabatizidwa ali pafupi kufa mu 337. Julian, wa banja lomwelo, anabwezeretsa milungu yakale pakati pa 361 ndi 363. Lamulo loletsa nsembe zakale mwamphamvu linabwera ndi Theodosius mu 391 ndi 392, patadutsa zaka 80. Ku Kongo, Nzinga a Nkuwu anabatizidwa mu 1491 kenako anabwerera ku zakale. Amene anazika Chikhristu ndi mwana wake Afonso, pa ulamuliro wa zaka zoposa 30, ndi sukulu ndi matchalitchi. Charlemagne, mfumu ya Afulanki, anamenyana ndi Asaxon kuyambira 772 mpaka 804, kukana ubatizo chilango chake chili imfa. Kumeneko tisati anthu anatsatira mfumu, anagonja.

Ndime 5: Anthu kutsogola, mfumu kutsalira

Ku Buganda, Kabaka Mwanga anatentha anyamata a kubwalo kwake ku Namugongo pa 3 Juni 1886, koma mpingo unakula. Ku Madagascar komwe kuja Akhristu anachuluka mobisa m'nthawi ya chizunzo cha Ranavalona I, choncho mfumukazi ya mu 1869 inapeza moto utayaka kale. Iceland inalandira Chikhristu cha mu 1000 pa msonkhano wa dziko, ilibe mfumu n'komwe.

Ndime 6: Chigwa cha Shire

Mu 1861 amishoni a UMCA anafika ku Magomero. Bishopu Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire, otsalawo anatsikira kwa Chibisa ku Chikwawa, ndipo pofika 1863 anachoka, njala ndi nkhondo zitawagonjetsa. Chikhristu chinadzazika pambuyo pake kudzera m'sukulu za mishoni monga za ku Lulwe ndi ku Chididi, mwa aphunzitsi ndi alaliki akuda, osati mwa lamulo la Lundu kapena Tengani. Matchalitchi lero ali mudzi ndi mudzi, koma kachisi wa Mbona ku Khulubvi akadalipo. Mfundo yake: kumene mvula ili m'manja mwa kachisi ndi omusunga, mfumu payokha singasamutse chikhulupiriro cha dziko.

Zoti ndichite ndisanayambe kulemba

Zitsanzo zachuluka. Mawu 2,000 sangasenze zonsezi, ndipo chaka chatha anandilembera ndi cholembera chofiira kuti ndinangondandalika mayina. Saxony ndi Iceland zikhale chiganizo chimodzi chimodzi. Clovis achoke ngati malo achepa. Ayao, Sechele ndi Mutapa asakhudzidwe. Ndime 6 ndiilembe koyamba, ndikadali kuno.