Chifukwa chiyani jakisoni wachiwiri amaposa woyamba, mankhwala ali amodzimodzi?

Katemera wa matenda asanu amene mwana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, kenaka 10, kenaka 14, ndi mmodzi yemweyo. Botolo lake ndi lomwelo, mlingo wake ndi womwewo wa 0.5 ml, ndipo amabayidwa pantchafu maulendo onse atatu. Komabe mukayeza magazi a mwanayo atalandira woyamba, n'kudzayezanso atalandira wachitatu, mupeza kusiyana kwakukulu. Chimene chasintha si mankhwalawo koma thupi limene likuwalandira.

Chitetezo chimene tikunena pano ndi cha maantibode. Awa ndi mapuloteni amene amayandama m'magazi, ndipo mtundu uliwonse umagwira chinthu chimodzi chokha: wina khungu la vayirasi ya chikuku, wina poizoni wa kafumbata. Amapangidwa ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa maselo B. Thupi lili ndi maselo B ochuluka zedi, lililonse lozindikira chake, kotero kuti pamene kachilombo kachilendo kalowa koyamba, maselo amene angakazindikire amakhala ochepa kwambiri. Kuchedwa konse kwa ulendo woyamba kumachokera pamenepa.

Ulendo woyambawo umayenda chonchi. Tizidutswa ta katemera timanyamulidwa kuchoka pamene pabayidwa kupita ku mwanabere wapafupi, wa m'khwapa ngati mwabaya pamkono, wa m'mphechepeche ngati mwabaya pantchafu. Mmenemo maselo B ochepa aja amakumana ndi tizidutswato, nalandira chilolezo kuchokera ku maselo T othandizira, omwe ambiri timawadziwa ndi dzina la CD4, kenaka amayamba kuswana. Kwa masiku 4 mpaka 7, nthawi zina kupitirira, m'magazi simuoneka kanthu. Maantibode akayamba kutuluka amakhala a mtundu wa IgM, ndipo IgG imatsatira pambuyo pake. Amafika pachimake pakatha pafupifupi masabata awiri, kenaka n'kuyamba kutsika. IgM sikhalitsa: theka lake limatha pa masiku 5 okha, pamene theka la IgG limatenga masiku pafupifupi 21. Kuwonjezera apo, maantibode oyambawa sagwira kachilombo mwamphamvu.

Ntchito yaikulu ya jakisoni woyamba sioneka m'magazi. Imachitikira mkati mwa mwanabere, ndipo imatenga masabata angapo, mwinanso miyezi. Maselo B amaunjikana m'timagulu, ndipo pamene akuswana amasintha pang'onopang'ono malangizo a majini opangira antibode yawo. Kusinthaku kulibe dongosolo. Ena amatuluka ogwira bwino kuposa kholo lawo, ambiri amatuluka oipirapo. Kenaka amalimbirana tizidutswa tochepa ta katemera totsala mmenemo. Amene agwira mwamphamvu amapeza thandizo la maselo T napulumuka, olephera amafa. Izi zimabwerezedwa kangapo, ndipo nthawi iliyonse otsala amakhala akuthwa kuposa akale. Nthawi yomweyi maselo ambiri amasiya kupanga IgM n'kuyamba IgG, yomwe ndi yaing'ono, imalowa m'minofu mosavuta, ndipo imatha kudutsa nsengwa kupita kwa mwana wosabadwa. Kamwanabere kamene kamatupa m'khwapa masiku angapo munthu atabayidwa nthawi zambiri kamakhala chizindikiro chakuti ntchitoyi ili mkati.

Opulumukawo amatuluka m'mitundu iwiri, ndipo amene sasiyanitsa mitunduyi sangamvetse nkhani ya busita, jakisoni wobwereza amene amakwezanso chitetezo. Mtundu woyamba ndi maselo a pulazima, amene amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa n'kumatulutsa maantibode usana ndi usiku kwa zaka. Awa ndiwo amasunga mlingo wa chitetezo chimene chimayezeka m'magazi lero. Mtundu wachiwiri ndi maselo okumbukira. Iwo satulutsa antibode iliyonse, amangokhala phee kudikira. Ali ngati chikuni chimene chagona ndi moto pansi pa phulusa: malawi palibe, koma mmawa simupitanso kukapala moto kwa anansi, mumangouzira.

Jakisoni wachiwiri akalowa amapeza maselo okumbukirawa ali ambirimbiri, atasankhidwa kale, atasinthira kale ku IgG. Maantibode amayamba kukwera pa tsiku 1 mpaka 3, osati sabata yathunthu. Amakwera kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi ulendo woyamba, nthawi zina kuposa apo. Ambiri amakhala IgG yogwira mwamphamvu, ndipo amatsika pang'onopang'ono chifukwa maselo a pulazima awonjezeka m'mafupa. Ena mwa maselo okumbukira amabwereranso mu mwanabere kukasankhidwa kachiwiri, choncho ulendo uliwonse sumangowonjezera kuchuluka, umanolanso ubwino wa maantibodewo. Kusiyana kwa IgM ndi IgG kumathandizanso kulabu: IgM ya chikuku ikapezeka mwa mwana wa zidzolo amene sanabayidwe posachedwa, ndiye kuti matendawo ndi atsopano, pamene IgG yokha imasonyeza katemera kapena matenda akale.

Apa mpamene pakuonekera chifukwa chake mpata pakati pa majakisoni si nkhani ya chipatala kufuna kuchepetsa mzere. Mukabaya wachiwiri pasanathe masabata 4, maselo okumbukira amakhala asanakhwime, ndipo maantibode a ulendo woyamba, amene adakali ambiri, amaphimba katemerayo asanagwire ntchito. Jakisoni wotero kawirikawiri sawerengedwa, amayenera kubwerezedwa. Kuchedwa kulibe vuto lotere. Mwana amene analandira woyamba n'kusowa miyezi 5 sayambiranso, amangopitiriza pamene analekera, chifukwa maselo okumbukira sanapite kulikonse. Choipa cha kuchedwa n'chakuti miyezi yonseyo mwanayo amakhala ndi chitetezo chosakwanira. Anthu amaopa kwambiri kuchedwa, koma kumbali ya mmene katemera amagwirira ntchito, cholakwika chachikulu n'kufulumiza.

Katemera wa kafumbata wa amayi a msinkhu wobereka amaonetsa bwino mmene maulendowa amaunjikirana. Woyamba sateteza mokwanira. Wachiwiri, pakatha masabata 4, amateteza kwa zaka pafupifupi 3. Wachitatu, pakatha miyezi 6, amafikitsa zaka 5. Wachinayi, pakatha chaka, zaka 10. Wachisanu, pakathanso chaka, amakwanira zaka zonse zobereka. Taonani kuti mpata ukukula, ndipo nthawi ya chitetezo ikukulanso. Mayi woyembekezera akabayidwa, IgG yake imadutsa nsengwa n'kuteteza khanda pa masabata oyamba, pamene mchombo ungalowetse kafumbata. N'chifukwa chake wachiwiri ayenera kuperekedwa kutatsala masabata awiri kapena kuposa kuti mayi achire.

Wina angafunse kuti, ngati maselo okumbukira alipo, busita ndi wa chiyani? Yankho lagona pa liwiro la matendawo. Maselo okumbukira amafuna masiku angapo kuti adzuke. Vayirasi ya kutupa chiwindi ya mtundu B imatenga miyezi iwiri kapena itatu isanadwalitse munthu, choncho ngakhale maantibode atatsika mpaka kusaoneka, kukumbukirako kumakhala ndi nthawi yokwanira. Munthu wathanzi amene anamaliza majakisoni ake atatu n'kufika mlingo wa maantibode wa 10 mIU/mL safunanso busita. Kafumbata ndi wina. Poizoni wake amapha pa mlingo wochepa kwambiri, wochepa moti ngakhale wodwala amene wachira sakhala ndi chitetezo ndipo amafunikabe katemera. Poizoniyo akalowa m'mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo, antibode singamutsatenso. Iyenera kukhala ili kale m'magazi tsiku limene msomali walasa phazi. Malungo nawo ali choncho: tizilombo timene udzudzu walavula timafika m'chiwindi pasanathe maola ochepa. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi inayamba kupereka mu 2019 limodzi ndi Ghana ndi Kenya, amaperekedwa pa miyezi 5, 6 ndi 7, ndipo wachinayi pa miyezi 22 chifukwa maantibode ake amatsika msanga.

Chiwewe chimapereka umboni wooneka ndi maso wa mphamvu ya kukumbukira. Munthu amene sanalandirepo katemera wa chiwewe akalumidwa kwambiri ndi galu wokayikitsa amafunika majakisoni angapo, kuphatikizapo maantibode opangidwa kale obayidwa pabala, oti amusunge pa sabata yoyamba imene thupi lake silinayambe kupanga ake. Amene analandirapo kale amangofunika majakisoni awiri, tsiku 0 ndi tsiku 3, ndipo maantibode obwereka aja safunika. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 mwa onse awiri.

Si jakisoni wachiwiri aliyense amene ndi busita. Wa chikuku wa pa miyezi 15 cholinga chake chachikulu n'kugwira ana amene woyamba sanawagwire. Pa miyezi 9 ana ena amakhala adakali ndi maantibode a mayi awo, amene amapha vayirasi yofooketsedwa ya m'katemera isanaswane. Pafupifupi ana 85 mwa 100 alionse ndiwo amatetezeka pa msinkhu umenewo, ndipo kwa otsalawo jakisoni wachiwiri ndiye ulendo wawo woyamba weniweni.

Pali zinthu zingapo zimene zimalepheretsa busita. Katemera wopangidwa ndi shuga wa pakhungu la bakiteriya yekha sadzutsa maselo T, choncho sasiya maselo okumbukira okwanira, sagwira bwino mwa ana osakwana zaka ziwiri, ndipo kumubwereza sikukweza chitetezo monga tafotokozera. Akatswiri anathetsa vutoli polumikiza shugayo ku puloteni, ndipo ndi mmene anapangidwira katemera wa chibayo wa PCV ndi wa Hib, bakiteriya yoyambitsa matenda oumitsa khosi, amene ana amalandira. Munthu amene CD4 yake yatsika kwambiri, kapena ali pa mankhwala a khansa, amasowa othandizira omwewo, ndipo angafunike majakisoni owonjezera kapena kudikira kuti chitetezo chikwere ndi ma ARV. Vayirasi ikasintha maonekedwe, monga imachitira ya chimfine chachikulu ndi ya COVID-19, maselo okumbukira amadzuka ndithu koma maantibode awo sagwira bwino mtundu watsopanowo, n'chifukwa chake akatemera amenewa amakonzedwanso nthawi ndi nthawi.

Vuto lina lili m'firiji. Katemera wa kafumbata, wa matenda asanu uja ndi wa PCV ali ndi mchere wa aluminiyamu umene umathandiza kudzutsa chitetezo, ndipo ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akaundana, aluminiyamuyo amagwirana timibulu ndipo mphamvu imatha, ngakhale botolo litasungunuka n'kumaoneka labwinobwino. Mukakayikira, gwedezani botololo pamodzi ndi lina la gulu lomwelo limene mwaliundanitsa dala n'kulisungunula, muwaimike pamodzi pamalo owala. Ngati za m'botolo lokayikitsalo zikudikha pansi mofulumira ngati za loundanitsidwa dala lija, lisagwiritsidwe ntchito, ndipo mwana aliyense amene wabayidwa kale kuchokera m'mabotolo amenewo aitanidwe kudzabayidwanso.