Lipoti la Sabata 7: Ntchito Yokumba Mijigo Isanu ndi Umodzi ku Ngabu, Chikwawa

Kwa: Mkulu wa pulojekiti
Kope kwa: Wazachuma, Mlangizi wa zamadzi wa m'dera
Tsiku: Lachisanu, 17 Okutobala

Bwana,

Landirani lipoti la sabata ino. Pali zinthu ziwiri zofuna chigamulo chanu pofika Lachiwiri, 21 Okutobala. Zili m'gawo 4.

1. MWACHIDULE

Mwa mijigo 6, iwiri yatha ndipo anthu akutunga, umodzi ukudikira pampu, umodzi watulutsa madzi amchere, iwiri sitinayambe kukumba. Tatsalira ndi masiku 5 pa ndondomeko. Tsiku lomaliza la 14 Novembala tikhoza kulikwanitsa ngati makina sakhalanso chiimire sabata ya mawa.

2. ZOMWE ZACHITIKA

Mjigo 1 (pasukulu) ndi 2 (pamsika): zonse zili bwino, makomiti alandira masipanala ndi zosinthira.

Mjigo 3 (pachipatala chaching'ono): takumba mamita 42, tayika mapaipi a PVC a mamilimita 110 ndi kuthira timiyala tosefa m'mbali. Poyesa kupopa kwa maola 4, madzi amatuluka malita 0.6 pa sekondi, pomwe kontrakiti imafuna osachepera 0.25. Konkire ya pamwamba ndi ngalande tathira Lachitatu. Pampu ya Afridev tiyika pa 22 Okutobala konkire ikakhwima masiku 7. Komiti ikuithirira m'mawa ndi madzulo, chifukwa ndi dzuwa la kuno konkire yosathirira imachita ming'alu sabata isanathe.

Mjigo 4 (kumudzi wa kumunsi kwa dambo): madzi tawapeza pa mamita 31, ambiri ndithu, koma amchere. Kachipangizo koyezera kawerenga 5,200 µS/cm, malire a m'kontrakiti ndi 3,500. Titapopa maola ena awiri nambala sinatsike, kusonyeza kuti mcherewo ndi wa m'nthaka momwemo osati wa matope okumbira. Kuchigwa cha Shire zimenezi sizachilendo. Pampu sitinayike, ndipo ndalangiza kontrakitala atseke dzenjelo. Mjigo wamchere anthu amausiya n'kubwerera kumtsinje, ndiye kuika pampu pamenepo n'kutaya ndalama.

3. ZOMWE ZINGATISOKONEZE

Mvula (chiopsezo chachikulu). Njira ya kumalo 5 ndi 6 imadutsa m'dothi lamakande. Ikangogwa mvula imodzi yamphamvu, lole yonyamula makina siingadutse mpaka nthaka iume. N'chifukwa chake ndikufuna malo awiriwa akumbidwe tisanabwerere ku mjigo 4.

Dizilo (chapakati). Kontrakitala watsala ndi malita 400, okwanira mjigo umodzi ndi ulendo wake. Masiku atatu mwa asanu omwe tatsalira aja anapita podikira mafuta. Akuti ndalama zogulira ena alibe mpaka timulipire mijigo 1 ndi 2.

Malo a mjigo 6 (chaching'ono). Mwini munda anavomera pakamwa pokha. A Gulupu alonjeza kuti kalata isayinidwa Lolemba. Popanda kalatayo makina salowa.

4. ZOFUNA CHIGAMULO CHANU

Choyamba: tichite chiyani ndi mjigo 4? Njira ndi ziwiri. Tikhoza kuyezanso nthaka n'kukumba chakumtunda, pafupifupi mamita 700 kuchoka pamudzi, komwe mjigo wakale wa mudzi woyandikana uli ndi madzi abwino. Kontrakiti imati dzenje lolephera pamalo omwe tinasankha ife timalipira theka, choncho pafunika K4,200,000 yowonjezera kuchokera ku thumba la zadzidzidzi. Kapena tiusamutsire mjigowu kumudzi wina womwe uli pamndandanda wodikira, koma theka lija tilipirabe. Ine ndikuona kuti njira yoyamba ndiyo yabwino. Mtunda wakula, inde, koma anthuwa anatuta kale mchenga ndi miyala, ndipo amayi a m'komiti anena okha kuti bola kuyenda kusiyana ndi madzi a mumtsinje. Dziwani kuti kuyeza nthaka kumachepetsa chabe mwayi wopezanso mchere, sikuuchotseratu.

Chachiwiri: lolezani malipiro a mijigo 1 ndi 2. Zikalata zovomereza kuti ntchito yatha ndinasayina pamodzi ndi a mlangizi wa zamadzi, zili kwa wazachuma kuyambira Lachiwiri. Akalipidwa pofika pa 21, dizilo afika makina asanachoke pamalo 5.

5. SABATA YA MAWA

Lolemba makina asamukira pamalo 5, kukumba kuyamba Lachiwiri. Lachitatu tiyika pampu pa mjigo 3 ndi kuthiramo klorini, kenako titenga madzi okayezetsa ku labotale. Lachinayi ndi Lachisanu ndi maphunziro a komiti ya mjigo 3, anthu 10, pa kumasula marodi, kusintha marabala ndi kusunga ndalama zokonzetsera.

Zithunzi ndi mapepala a kuyesa kupopa ndaphatikiza pa imeloyi.

Ine wanu,
Woyang'anira ntchito yokumba, Ngabu