Kalata kwa Chisomo pa za kaunta yomwe ikudumpha manambala

Chisomo,

Ndaona kauthenga kako kakuti kaunta yapenga, ati chipu ndi yakufa ndikupatse ina. Ayi, 74LS93 ija ili bwinobwino, ndaiyesa ndekha mu labu dzulo malaiti atabwera. Vuto lili pa mmene walumikizira.

Tiyambe ndi batani lako lija. Iwe umaona ngati wadina kamodzi, koma tizitsulo tamkati timagundana nkusiyana, nkugundananso kangapo kwa mamilisekondi ochepa tisanakhazikike, ndiye chipu poti ndi yachangu imawerenga kugunda kulikonse, nchifukwa chake uli pa 3 mwadzidzidzi wafika pa 6. Ika rezisita ya 10k ndi kapasita ya 100nF pa batanipo, siginolo idutsire mu 74HC14 isanafike ku kaunta.

Manje chomwe ndikufuna umvetse kwambiri ndi ichi, pakuti chidzabweranso pa mayeso. Mu 74LS93 mafilipufulopu anayi aja sasintha limodzi. Kuli ngati anthu opatsirana njerwa pomanga, wachiwiri sagwira kanthu mpaka woyamba atamupatsa, ndipo aliyense amachedwako manosekondi angapo. Ndiye kuchoka pa 7 kupita pa 8 imadutsa umu:

```
0111 -> 0110 -> 0100 -> 0000 -> 1000
```

Waona? 6, 4 ndi 0 zonse zaonekera panjira. Diso lako silingazione olo utayang'anitsitsa bwanji, koma geti ija unaika kuti izizindikira 4 nkukankha kaunta yachiwiri imaziona. Ngakhale pochoka pa 5 kupita pa 6 imadutsanso pa 0100. So kaunta yachiwiri ikuwerenga ma 4 omwe iwe sunawaitane, ndipo sizongochitika mwachisawawa monga unalembera mu lipoti, zili ndi malo ake enieni. Tenga 74HC163, iyo mafilipufulopu onse amamvera kiloko imodzi, komabe zotuluka mu geti uzizigwira ndi filipufulopu pa kiloko yomweyo, usazipange kiloko ya chipu ina.

Zinazi nzachidule. Palibe kapasita pakati pa pini 5 ndi pini 10 za 74LS93, zomwe ndi za pawa, ika 100nF pafupi penipeni ndi chipu, osati kumapeto kwa buledibodi. Mapini olowera omwe sukugwiritsa ntchito usawasiye lende, amange ku 5V kapena ku giraundi, makamaka pa machipu a HC. Mawaya ako aja atalika ngati ukuyanikapo zovala, adule. Ndipo chaja ya foni yomwe ukudyetsera saketi ija isiye ku nyumba, mu labu muli pawa sapulai.

Bwera Lachinayi 14:00 ndi buledibodi yako, tikaike pa osilosikopu uone wekha batani likudumpha. Usaphwasule kanthu tisanaonane, ndikufuna anzako aonenso. Lipoti ulembenso gawo lachitatu lokha.

Ndine mphunzitsi wako,
a Zulu