Kalata kwa mphwanga: zoti uchite laputopu isanapite kokonzetsa

Mphwanga,

Wati laputopu ikumazima yokha ndipo Lolemba ukaisiya kwa okonza. Vuto likawavuta, okonza ambiri amafafaniza zonse ndi kuikamo Windows yatsopano. Choncho chita izi Loweruka, uzichonga chilichonse ukamaliza.

1. Yamba ndi machaputala asanu aja a kafukufuku wako, poti makinawo akhoza kuzima ntchito ili mkati. Uwaike m'foda imodzi pamodzi ndi deta, mapepala a mafunso ndi ndemanga za a supavaiza. Dzina la fayilo liyambe ndi deti, monga `2025-03-14_chaputala4.docx`. Maina a `final2` aja amasokoneza.

2. Kopera fodayo malo awiri: pa fulashi ndi pa Google Drive, pomwe pali malo aulere a 15 GB. Fulashi ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB, ndiye ngati uli ndi mavidiyo aakulu ikhale ya exFAT. Kuisintha kumafafaniza zonse zili momwemo.

3. Pa OneDrive, fayilo yokhala ndi kachizindikiro ka mtambo ndiye kuti m'laputopumo mulibe, ili pa intaneti. Dina `Always keep on this device`, idawunilodike kaye, kenako ukopere.

4. Zotero, pulogalamu yosungira mndandanda wa mabuku ndi ma PDF, ndiye amaiwala ambiri. Tseka pulogalamuyo, ukopere foda yonse ya `Zotero` yomwe ili mu `C:\Users` pansi pa dzina lako. Muli `zotero.sqlite` ndi foda ya `storage`. Usadalire malo ake aulere a pa intaneti, ndi 300 MB basi, ndipo akadzaza ma PDF ena sakwera. Ku SPSS, pulogalamu yosanthulira deta, utenge mafayilo a `.sav` ndi `.sps` omwe.

5. Ona ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker. Akasintha bodi yaikulu ya m'kati, makina amafunsa kiyi ya manambala 48, ndipo popanda kiyiyo ngakhale katswiri sangatsegule. Tsegula Command Prompt ngati `administrator` ulembe:

```
manage-bde -protectors -get C:
```

Manambalawo uwalembe papepala lomwe litsale kunyumba.

6. Yesa zomwe wakopera pa kompyuta ya mnzako. Tsegula chaputala chilichonse, umvetsere rekodingi imodzi kapena ziwiri, uyerekeze chiwerengero cha mafayilo ndi cha m'foda yoyamba ija. Mafulashi achinyengo amaonetsa maina onse bwinobwino koma mafayilo ake osatseguka.

7. Zikatseguka, chotsa m'laputopumo mawu a anthu omwe unacheza nawo ndi mafomu omwe anasaina. Unawalonjeza kusunga chinsinsi. Zimenezi zikhale pomwe komiti yovomereza kafukufuku inalola, osati paliponse. Utulukenso mu imelo ndi WhatsApp, uchotse mapasiwedi osungidwa mu Chrome utatsimikiza kuti ukuwadziwa.

Pokapereka, jambula nambala ya siriyo kunsi kwa laputopu, ulembe kukula kwa RAM ndi disiki, ndipo pa risiti alembepo kuti asafafanize disiki asanakuimbire. Fulashi usaisiye m'chikwama cha laputopu.

Ndine mkulu wako.