Chifukwa chake mwana amatha kubadwa ndi makromozomu 47 kapena 45

Kwa ophunzira a Fomu 4, phunziro la Biyoloje.

Lachinayi lapitali mvula yochokera kuphiri la Mulanje inachita phokoso kwambiri pa malata moti funso la mmodzi wa inu linatsala lopanda yankho lomveka. Funsolo linali lakuti, ngati mayi ali ndi makromozomu 46 ndipo bambo alinso ndi 46, zimatheka bwanji kuti mwana wawo akhale ndi 47? Ndalemba yankho lake pano kuti muliwerenge mofatsa.

Pafupifupi selo lililonse la thupi la munthu lili ndi makromozomu 46, ndipo chiwerengero chimenechi chinatsimikizidwa mu 1956 ndi asayansi awiri, Joe Hin Tjio ndi Albert Levan. Makromozomu amenewa amakhala awiriawiri, mapeyala 23, ndipo pa peyala iliyonse kromozomu imodzi inachokera kwa mayi, inzake kwa bambo. Mapeyala 22 amadziwika ndi manambala awo, pomwe peyala yomaliza ndiyo imasiyanitsa mkazi, amene ali ndi XX, ndi mwamuna, amene ali ndi XY. Kuti mwana adzakhalenso ndi 46, dzira la mayi liyenera kunyamula 23 okha ndipo mbewu ya bambo inyamulenso 23. Ntchito yochepetsa chiwerengerochi ndi theka ndiyo imatchedwa meyosisi.

Meyosisi isanayambe, kromozomu iliyonse imadzipangira inzake yofanana nayo, ndipo ziwirizo, zimene timazitcha makromatidi, zimakhala zomatirirana. Kenako selo limagawikana kawiri. Pa kugawikana koyamba, kromozomu yochokera kwa mayi imafunafuna inzake yochokera kwa bambo, zimagundana, zimasinthana zidutswa, kenako timaulusi ta m'selo timazikoka kuti imodzi ipite mbali iyi, inayo mbali inayo. Pa kugawikana kwachiwiri, makromatidi awiri aja ndi amene amalekanitsidwa. Pamapeto pake pamakhala maselo anayi, lililonse lili ndi makromozomu 23.

Ganizirani munthu amene wapatsidwa mapeyala 23 a nsapato ndi madengu awiri, ndipo wauzidwa kuti pa peyala iliyonse aponye nsapato imodzi m'dengu ili, inzake m'dengu ilo. Akachita bwino, dengu lililonse likhala ndi nsapato 23. Koma ngati zingwe za peyala imodzi zakolana, nsapato zonse ziwiri n'kugwera m'dengu limodzi, dengu limenelo likhala ndi 24 ndipo linzake litsala ndi 22. Palibe nsapato yatayika ndipo palibe yabwera kuchokera kwina. Chalakwika ndi kagawidwe kokha. Zimenezi zikachitikira makromozomu, asayansi amazitcha nondisijankishoni, kutanthauza kulephera kupatukana. Woyamba kuzifotokoza anali Calvin Bridges mu 1913, pamene ankafufuza tintchentche timene timaunjirira zipatso zakupsa.

Tsopano masamu ake ndi osavuta. Dzira la makromozomu 24 likakumana ndi mbewu ya 23, mluza umayamba ndi 47, ndipo kromozomu ina imakhalamo katatu m'malo mwa kawiri. Izi zimatchedwa tirayisomi. Dzira la 22 likakumana ndi mbewu ya 23, mluza umayamba ndi 45, kromozomu ina ili yokha popanda inzake, ndipo izi ndi monosomi. Popeza thupi lonse limachokera ku selo loyamba lija, limene limagawikana mobwerezabwereza likukopera zimene lili nazo, chiwerengero cholakwikacho chimafika m'maselo onse, a mtima, a ubongo ndi a khungu omwe.

Pa mayeso ambiri amasokoneza zotsatira za magawo awiri aja, choncho samalani apa. Peyala ikalephera kupatukana pa kugawikana koyamba, maselo onse anayi amalakwika: awiri amakhala ndi 24 ndipo awiri amakhala ndi 22. Kulepherako kukachitika pa kugawikana kwachiwiri, m'selo limodzi lokha mwa awiri aja, maselo awiri amatuluka abwinobwino ndi 23, limodzi ndi 24, ndipo lotsalalo ndi 22. Kumbukiraninso kuti mwa mwamuna maselo anayi onse amasanduka mbewu, pomwe mwa mkazi limodzi lokha ndilo limakhala dzira, enawo amafota.

Mwina mungafunse kuti kromozomu yoonjezera imavuta chiyani, popeza ndi yabwinobwino ndipo malangizo amene yanyamula ndi olondola. Vuto lili pa muyeso. Majini amene ali pa kromozomu amauza selo kupanga mapuloteni, ndipo thupi limakula bwino pamene jini iliyonse ilipo kawiri. Ikakhalapo katatu, mapuloteni ambiri amapangidwa mopitirira muyeso nthawi imodzi, ndipo kaumbidwe ka ziwalo kamasokonekera. Kromozomu 1, imene ndi yaikulu koposa, ili ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 2,000, pomwe kromozomu 21, yaing'ono koposa, ili ndi oposa 200 pang'ono. N'chifukwa chake mwana wa makromozomu 21 atatu amabadwa n'kukula, koma mluza wa kromozomu yaikulu yoonjezera sufika patali. Pafupifupi theka la mimba zimene zimapita padera m'miyezi itatu yoyambirira zimatero chifukwa cha vuto la makromozomu, ndipo tirayisomi 16 ndi imene imapezeka kawirikawiri. Mayi amene wapita padera motere sanalakwe chilichonse, ngakhale kuti kumudzi amatha kumuloza chala kuti anasenza katundu wolemera kapena sanasunge mwambo.

Tirayisomi 21 ndi imene imabweretsa matenda a Down. John Langdon Down anafotokoza zizindikiro zake mu 1866, koma chifukwa chake chinadziwika mu 1959 ku Paris, pa ntchito ya Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 700 mpaka 1,000 amabadwa nayo. Khanda lotere limakhala lofewa minofu ukalinyamula, limachedwa kukhala pansi, kuyenda ndi kulankhula, ndipo pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima, n'chifukwa chake ayenera kupimidwa kuchipatala msanga. Ana amenewa amaphunzira, amagwira ntchito ndipo ambiri amafika paukulu akasamalidwa. Tirayisomi 18, yotchedwa matenda a Edwards, ndi tirayisomi 13, yotchedwa matenda a Patau, ndi zoopsa kwambiri, ndipo ana ambiri obadwa nazo satha chaka.

Makromozomu a X ndi Y thupi limawapirira kwambiri akachuluka, chifukwa Y ili ndi majini ochepa ndipo selo limazimitsa mbali yaikulu ya X iliyonse yoposa imodzi. Mnyamata wa XXY ali ndi matenda a Klinefelter, amene amapezeka mwa mnyamata mmodzi pa 500 mpaka 1,000, ndipo ambiri amadzadziwa ali m'banja kale akamavutika kubereka. Mtsikana wa X imodzi yokha, makromozomu 45, ali ndi matenda a Turner. Amakhala wamfupi ndipo kawirikawiri satha msinkhu popanda mankhwala. Imeneyi ndiyo monosomi yokhayo ya kromozomu yathunthu imene munthu angakhale nayo moyo, ndipo ngakhale pamenepo mimba zambiri zotere zimapita padera. Kusowa kwa kromozomu kumavuta koposa kuchuluka kwake.

Chimene chimachititsa peyala kulephera kupatukana chimamveka bwino tikayang'ana mazira a mkazi. Mazira onse amayamba meyosisi mtsikana akadali m'mimba mwa amayi ake, kenako amaima pakati pa kugawikana koyamba, n'kudikira mpaka mwezi umene dziralo lidzakhwime. Dzira limene latuluka mwa mayi wa zaka 40 ladikira zaka 40 zonsezo. Pa nthawi yonseyi mapeyala amagwiridwa ndi mapuloteni omata otchedwa kohezini, amene amatha pang'onopang'ono, ndipo akafooka makromozomu amatayana nthawi isanakwane, moti pa tsiku logawikana timaulusi tija timatha kuwakokera onse mbali imodzi. Peyala imene sinasinthane zidutswa, kapena inasinthana kunsonga kwenikweni, imagwirana mofooka chiyambire, choncho ndi imene imalakwika msanga. Mbewu ya mwamuna sidikira motere chifukwa imapangidwa yatsopano nthawi zonse.

Ichi n'chifukwa chake mwayi wobereka mwana wa matenda a Down umakwera ndi zaka za mayi: pa zaka 25 ndi pafupifupi mimba imodzi pa 1,200, pa zaka 35 imodzi pa 350, pa zaka 40 imodzi pa 100, ndipo pa zaka 45 imodzi pa 30. Mwa ana pafupifupi 9 pa 10 alionse a tirayisomi 21, kromozomu yoonjezerayo inachokera m'dzira. Ndikudziwa kuti chiwerengero chimenechi ena angachinyamule kuti akanyozere nacho akazi, ndiye chiwerengeni bwino. Ngakhale pa zaka 40, mimba 99 pa 100 zilibe vutoli, ndipo amayi achichepere nawonso amabereka ana otere. Kulephera kupatukana kumachitikanso mwa bambo: pa matenda a Turner, kawirikawiri kromozomu imene yasowa ndi imene inayenera kuchokera kwa iye. Zonsezi zimachitika m'kati mwa selo limodzi mimba isanakhale kapena pamene ikungokhala kumene, choncho palibe chakudya cha mayi woyembekezera, ufiti kapena kuchimwirana m'banja kumene kungafotokoze kromozomu ya 47.

Mukafuna kuona ndi maso zimene kugawa kosalingana kumachita, sendani nthochi ya ku Thyolo n'kuidula pakati. Timadontho takuda timene muona pakatipo ndi njere zimene sizinakule. Nthochi zambiri zimene timadya zili ndi makromozomu 33, kutanthauza kuti iliyonse mwa makromozomu 11 ilipo katatu, ndipo makolo ake akuthengo anali ndi 22. Zinayamba pamene meyosisi inalephera kuchepetsa chiwerengero chonse, selo loberekera la 22 n'kukumana ndi la 11. Zinthu zitatu sizigawika mofanana pawiri, moti meyosisi ya nthochi yotere imatulutsa maselo a ziwerengero zosokonezeka ndipo njere sizipangika. N'chifukwa chake mlimi amabzala mwana wa nthochi amene wamera patsinde. Dziwani kusiyana kwake: pa nthochi gulu lonse la makromozomu ndilo lawonjezeka, pomwe pa matenda a Down ndi kromozomu imodzi yokha.

Pofika Lolemba, jambulani m'makope mwanu selo la makromozomu anayi, mapeyala awiri, ndipo mulidutsitse m'meyosisi kawiri: koyamba peyala imodzi ilephere kupatukana pa kugawikana koyamba, kachiwiri makromatidi alephere pa kugawikana kwachiwiri. Pansi pa selo lililonse lomaliza lembani chiwerengero chake, ndiponso chiwerengero cha mluza ngati selolo litakumana ndi linzake labwinobwino la makromozomu awiri. Kenako chitani chimodzimodzi ndi tiyi, amene ali ndi makromozomu 30, koma pa iyeyu mungolemba manambala osajambula.

Mphunzitsi wanu wa Biyoloje