Pempho loti ndidzacheze nanu pa za ntchito ya ulangizi wa ulimi

Domwe, Angoniya
14 Julaye

Okondedwa Mayi Nangozo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Kuno ku Domwe tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa.

Dzina langa ndine Tiyamike. Simungandikumbuke, koma ine ndimakudziwani. Mwezi wa Febuluwale munabwera m'mudzi mwathu kudzaona munda wachitsanzo wa gulu la amayi, ndipo ine ndinali mtsikana uja anakutungirani madzi m'tambula. Nambala yanu andipatsa ndi azakhali anga, amene mumapemphera nawo limodzi ku Ulongwe. Iwo anati ndingokuimbirani, koma ndaona kuti n'kupanda ulemu kuimbira munthu wamkulu mwadzidzidzi ali pa ntchito, n'chifukwa chake ndayamba ndalemba.

Ndinene msanga, kuti musawerenge kalatayi ndi nkhawa: sindikupempha ntchito, ndalama kapena kuti mukandilankhulire kwa akuluakulu. Ndikupempha kanthawi kochepa, ngakhale theka la ola, kuti ndidzakhale pansi ndi kumva kuchokera pakamwa panu mmene ntchito ya ulangizi imakhalira tsiku ndi tsiku. Ndinamaliza kalasi 12 chaka chatha ndipo mtima wanga uli pa ntchito imeneyi. Komabe zimene ndikuzidziwa ndi zongoonera patali: mlangizi wafika pa njinga yamoto, walankhula, wapita. Zimene zimachitika asanafike ndiponso atachoka sindizidziwa.

Madzi a m'tambula aja ndiwo anandiyambitsa zonsezi. Kwa zaka ziwiri kachewere wa bambo anga ankafota masana ngati wasowa madzi, pamene nthaka ili yonyowa. Bambo ankati ndi chiwawu, ndipo ankagula mankhwala ku msika n'kumapopera sabata iliyonse, osaona kusintha. Tsiku lija inu munazula phata limodzi lofota, munadula tsinde n'kuliviika m'madzi oyera, ndipo posakhalitsa tonse tinaona timaulusi toyera tikutsika ngati utsi. Munadulanso mbatata pakati, mkombero wa m'kati unali wodera ndipo unkatuluka zoyera ngati mafinya. Munatiuza kuti matenda amenewa si chiwawu, amakhala m'nthaka ndi mu mbewu, ndipo kupopera sikuwachiza. Munachenjezanso kuti pamalo potero tisabzalepo tomato kapena fodya chifukwa ndi mbewu za banja limodzi ndi kachewere, koma tisinthe ndi chimanga kwa zaka zingapo.

Ine ndinabwerera kunyumba nditasangalala, n'kufotokozera bambo zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mbewu imeneyo anailandira kwa malemu agogo ndipo sangaitaye chifukwa cha tambula ya madzi. Nyengo ya madimba ino abzalanso yomweyo.

Apa ndiye pagona funso langa lalikulu. Matenda munthu angawaphunzire m'buku. Koma kodi mlangizi amatani ndi mlimi ngati bambo anga, amene si wopusa, amene walima kachewere zaka zoposa msinkhu wanga, ndipo ali ndi zifukwa zake? Mbewu yabwino ndi yodula, ndipo imene timagula pa misika ya m'malire, kaya ku Kalomwe kapena ku Lizulu, palibe amene angalumbire kuti ilibe matenda. Ukamuuza mlimi kuti asiye mbewu yake uyenera kumuuzanso kumene akapeze ina. Ndinamva mukuuza amayi aja kuti azizika timitengo pa mapata athanzi adakali obiriwira, kuti pokolola asunge mbewu ya pamenepo yokha. Ndikufuna ndidziwe ngati alimi amachitadi zimenezi mlangizi akachoka, komanso kuti inu zinakutengerani nthawi yaitali bwanji kuti anthu a m'dera lanu ayambe kukukhulupirirani. Ndiponso poti ndinu mayi, ndifunse mosabisa: kodi abambo a msinkhu wa bambo anga amamvera malangizo a mkazi, makamaka akakhala wamng'ono ngati mmene ndidzakhalire ine poyamba?

Nkhani ina ndi ya sukulu. Ku Ulongwe komweko kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ndipo kwa ine ndi pafupi, ndingathe kumakhala kwa azakhali. Koma amalume akuti ndisataye zaka zambiri, ndipite ku sukulu ya luso la ulimi ya zaka zochepa kuti ndiyambe msanga kuthandiza pakhomo. Aliyense wa iwo akulankhula motsimikiza, chonsecho palibe amene anagwirapo ntchitoyi. Ndikufuna kumva njira imene inu munadutsa, ndi imene mukanasankha mukanakhala kuti mukuyamba lero. Ndiyenera kukhala nditaganiza ndisanalembetse mayeso olowera.

Ndimaonanso kuti alangizi sali a mtundu umodzi. Alipo a boma amene amachokera ku ofesi ya SDAE yoona za ulimi ndi malonda, alipo a kampani ya fodya amene amayendera alimi awo kuno ndi ku Furankungo, alipo a mabungwe amene amabwera ndi ntchito ya zaka zingapo n'kuchoka, komanso alipo amene amachita kafukufuku wa mbewu ku Ntengo Umodzi. Kwa ine wongoona onse amaoneka ofanana. Mukanandimasulira kusiyana kwake, ubwino ndi kuwawa kwa mbali iliyonse, mukanandithandiza kwambiri. Za malipiro anu sindidzafunsa, ndinaleredwa bwino. Ndidzangofunsa ngati munthu angasamale banja ndi ntchitoyi popanda kukhala ndi munda wakewake pambali.

Pali kanthu kena kamene kamandidetsa nkhawa. Kusukulu zonse tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo ndikudziwa kuti malipoti amalembedwa m'chinenero chomwecho, koma m'munda anthu amafuna kumva Chichewa. Mmene mbozi ya chimanga ija inafika mu 2017 ndinali wamng'ono, koma ndikukumbuka kuti aliyense m'mudzi ankaitchula dzina lakelake. Inu tsiku lija simunatchule liwu la Chipwitikizi ngakhale limodzi, ndipo agogo ena amene nthawi zonse amawodzera pa misonkhano anakhala maso mpaka kumapeto. Kodi mawu amenewa munawapeza kuti? Kapena munthu amachita kuwatola pang'onopang'ono kwa alimi eni ake?

Ndikudziwa kuti miyezi ino muli kalikiliki ndi madimba, choncho tsiku ndi malo musankhe ndinu. Ine ndimabwera ku Ulongwe Lachisanu lililonse kudzagulitsa nyemba za amayi, ndipo pofika 10 koloko ndimakhala nditamaliza. Ndingabwere ku ofesi kwanu, kapena Lamulungu potuluka m'tchalitchi ngati mungakonde choncho. Tsiku lina lililonse ndingakwerenso shapa, bola mundiuze dzulo lake. Mukaona kuti kukumana n'kovuta, ngakhale pa foni zingatheke, mayunitsi ndidzalipira ine. Mafunso ndawalemba kale m'kope kuti ndisadzakutayireni nthawi, ndipo theka la ola likakwana ndidzatsanzika ndekha.

Zikakhala kuti nyengo ino simungathe, musavutike mumtima. Mungondiuza, kapena mundilozere kwa mnzanu wa ntchito amene angalole kucheza ndi mwana wongoyamba kumene. Yankho mungapereke kwa azakhali, kapena kulemba pa nambala imene ndatumizira kalatayi. Foniyo ndi ya achimwene, koma madzulo alionse imakhala ndi ine.

Bambo akudziwa kuti ndakulemberani. Sananene zambiri, angoti mukadzadutsanso ku Domwe mudzafike kudimba kwawo mudzaone nokha, chifukwa akuti chaka chino kachewere wawo sakufota.

Zikomo kwambiri powerenga.

Ine mwana wanu,
Tiyamike